4K, 60, 240 kapena 960 ija: mpira ukagunda chitsulo nkudumpha pa mzere, iti imaonetsa zoona?

Anyamata a timu yathu ya m'dera akhala akundivutitsa ndi funso limodzimodzi, akuti poti ndimwe mumajambula magemu tiuzeni tiziika pati foni, pa 4K kapena pa sulomoshoni. Ndiye ndiyankhe kamodzi pano basi. Za kukongola kwa mitundu ndi mamegapikiseli sindikambako, zimenezo zili pa katoni. Ine ndikufuna vidiyo yothetsa mkangano, ndipo mkangano womwe ndimayesera nawo chilichonse ndi uja wa mpira wogunda chitsulo chapamwamba, nkutsika pansi, nkudumphira kunja, anthu nkuyamba kukokana majezi kuti chalowa kapena sichinalowe. Ngati cha Lampard chija pa World Cup ya 2010 England ikusewera ndi Germany ku Bloemfontein, kungoti chija mpira unalowa kwambiri moti kamera iliyonse inaona, kupatula oyimbira.

Kaye mumvetse kuti vidiyo ndi zithunzi zoima zondondozana, mafulemu, ndipo pakati pa fulemu ina ndi inzake kamera siona kalikonse. Chitsulo chili mamita 2.44 kuchokera pansi. Tinene kuti mpira ukutsika pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, lomwe si lodabwitsa pa shoti yabwino. Mukajambula pa mafulemu 30 pa sekondi, gawani 20 ndi 30, mupeza kuti mpira umayenda masentimita 67 kamera itatsinzina. Mpira wokhawo ndi masentimita 22 m'mimba mwake, ndiye kuti wadumpha malo okwana mipira itatu. Ulendo wonse kuchoka pachitsulo kufika pansi mupezamo mafulemu atatu kapena anayi. Ndipo nthawi yomwe mpira umakhala utakhudza nthaka ndi yochepa zedi, pafupifupi sekondi imodzi mutaigawa ka 100, pomwe mafulemu anu atalikirana sekondi yogawa ka 30. Mwayi woti fulemu igwere pa nthawi yeniyeniyo ndi ngati kamodzi pa katatu. Kawiri kotsalako muli ndi chithunzi cha mpira uli m'malere ukutsika, chotsatira uli m'malere ukukwera, pomwe unagunda palibe.

Ndiye 4K ya mafulemu 30 pa nkhani iyi yagwa kale. Musaitaye, ili ndi ntchito yake, ndibwererako.

1080p, ya chithunzi chocheperapo kuposa 4K, pa mafulemu 60 imadula mpata uja pakati, masentimita 33. Ndi yomwe ndimajambulira gemu yonse chifukwa foni sitentha msanga ndipo malo sadzadza. Ya mkangano wa pamzere imathandiza mwa apo ndi apo, tsiku lina igwira tsiku lina ayi.

Pa 240 ndi pomwe zinthu zimasintha. Mpira umasuntha masentimita 8 okha pa fulemu, ndipo uli pansi paja mupeza mafulemu awiri kapena atatu, mumauona ukuphwatalala pang'ono kenako nkunyamuka. Apa munthu ukhoza kuloza ndi chala kuti wagunda apa. Koma ili ndi mtengo wake womwe wogulitsa sanena. Fulemu iliyonse singalandire kuwala kopitirira sekondi yogawa ka 240, ndiye dzuwa likangopendeka, magemu athu oyamba mochedwa aja, chithunzi chimada nkudzadza timadontho. Pansi pa magetsi ndiye zina, magetsi athu ndi a 50 Hz ndipo mababu ambiri amaphethira ka 100 pa sekondi, maso saona koma 240 imaona, vidiyo yonse imangothwanima. Komanso mafoni ambiri akalemba 1080p pa 240 chithunzi chake chimakhala chofewa kuposa 1080p wamba, chifukwa kuti athamange chonchi sawerenga mizere yonse ya pa sensa.

Tsopano 960. Apa ndi pomwe ndili ndi chidima. Ndinagula foni ina, dzina ndisatchule, pa katoni atalemba 960 ndi zilembo zikuluzikulu, wogulitsa akundiuza kuti bwana apa muona ngakhale chipolopolo. Kunyumba ndinaponya mpira pa simenti nkujambula, kenako kuyenda fulemu imodzi imodzi pa kompyuta. Mpira unkatsika bwinobwino, kufika pafupi ndi pansi unayamba kuoneka ngati iwiri yosanjikizana, m'mbali mwake mukupindika, mzere wa simenti kumbuyo kwake nawo ukugwedera ngati uli m'madzi. Chomwe foni ija imachita ndi kujambula mafulemu ochepa enieni, kenako pulogalamu nkupeka ena oika pakati poyerekeza komwe chinthu chikupita. Ngati enieni ndi 240, ndiye kuti pa mafulemu anayi aliwonse atatu ndi opeka.

Kupekako kumayenda bwino chinthu chikamapita mbali imodzi mosasintha, nchifukwa chake munthu akudumphira m'madzi amaoneka bho. Koma ife timafuna vidiyo pa nthawi yomwe chinthu chasintha njira mwadzidzidzi, phazi kugunda mpira, mpira kugunda nthaka, dzanja kukhudza mpira m'bokosi. Taganizani mafulemu enieni atatalikirana kwambiri, yoyamba mpira uli pamwamba pang'ono pa nthaka ukutsika, yachiwiri uli pamwamba pang'ono ukukwera. Pulogalamu ingolumikiza malo awiriwo molunjika, ndiye pa mafulemu opekawo mpira umayandama osafika pansi nkomwe. Malo omwe mumafuna umboni ndi omwewo omwe foni yanama. Ndipo zimaipiratu ndi mapulogalamu aja otenga vidiyo ya 30 nkuisandutsa sulomoshoni, chifukwa apo mpata wopekedwa ndi masentimita 67 onse aja.

960 yeniyeni iliko, ndisaname. Samsung Galaxy S9 ya 2018 inkajambula pa 960 koma kwa masekondi 0.2 okha, pa 720p, zomwe poonera zimatenga masekondi ngati 6. Ndiye ndiuzeni, pa gemu ya mphindi 90 mudziwa bwanji kuti kachigawo ka sekondi komwe mpira ugunde chitsulo ndi kati? Poyeserera penate pa tirening'i ndi yabwino, pa gemu ndi chidole. Musanalipire yesani zomwe ndinachita ine, mpira pa simenti, kenako pa kompyuta, mu pulogalamu yoonera vidiyo ya VLC, muzidina batani la E kuti muziyenda fulemu imodzi imodzi. Kuyang'ana zomwe fayilo yalemba sikuthandiza, chifukwa sulomoshoni yambiri imasungidwa ngati ya mafulemu 30 kaya ndi yeniyeni kaya yopeka.

Pali china chomwe anthu amasokoneza ndi mafulemu, shata. Mafulemu amanena kuti kamera itsegula maso kangati, shata imanena kuti ikatsegula ikhala nthawi yaitali bwanji. Foni mukaisiya idzisankhire yokha chakumadzulo imatha kuika shata pa 1/60, ndiye mpira wa mamita 20 pa sekondi umayenda masentimita 33 shata ili chitsegulire, pa chithunzi umatuluka ngati mzere woyera wautali, osadziwika poyambira ndi pothera. Ngati foni yanu ili ndi Pro pa vidiyo, masana ikani 1/1000, kufufutikako kumatsika kufika masentimita 2. Vidiyo ya 60 ya shata yothamanga ndimaikhulupirira kuposa ya 240 yojambulidwa mumdima.

Tibwere ku mapikiseli, komwe 4K imabwezera. Funso lake ndi lakuti pikiseli imodzi ikuimira masentimita angati pa bwalo. Mukaima patali pakati pa bwalo, chithunzi chikutenga mamita 60 m'lifupi, 1080p ili ndi mapikiseli 1920, ndiye imodzi ndi masentimita 3. Mpira wonse ndi mapikiseli 7, mzere wa pagolo womwe supitirira masentimita 12 ndi mapikiseli 4. Lamulo likuti mpira wonse udutse mzere wonse, ndiye mkangano ukakhala wa masentimita 2, uli mkati mwa pikiseli imodzi, palibe chomwe mungaone ngakhale mafulemu atakhala 1000. Pa 4K mapikiseli ndi 3840, mpira ukhala 14. Pa 720p ya sulomoshoni ija, 1280, mpira sufikanso 5. Kukulitsa chithunzi ndi zala kumangokulitsa timabokosi tomwetomweto. Koma mukasendera pafupi ndi golo chithunzi nkutenga mamita 10 okha, 1080p yomweyo ikupatsani theka la sentimita pa pikiseli, mpira mapikiseli 42. Miyendo yanu yachita zomwe 4K ikanalephera, mwaulere. Ndipo muime molunjika ndi mzere, chifukwa mpira uli m'malere ukaonedwa chammbali umaoneka ngati wadutsa usanadutse. Mukukumbukira Japan ndi Spain ku Qatar 2022, mpira wa Mitoma uja? Zithunzi zammbali zinkaonetsa udzu pakati pa mpira ndi mzere anthu nkumati watuluka, pomwe m'mphepete mwa mpira munali mukadali pamwamba pa mzere.

Vuto ili silathu tokha a mafoni. VAR itayamba mu Premier League inkadalira makamera a mafulemu 50 pa sekondi. Phazi limakhudza mpira kwa sekondi yogawa ka 100, mafulemu atalikirana kawiri kuposa apo, ndiye wa VAR amasankha fulemu yomwe ili pafupi basi. Sitiraika wothamanga mamita 8 pa sekondi amasuntha masentimita 16 pa fulemu imodzi, difenda akamathamangira mbali inayo mpata umakula kuposa apo, koma ofusaidi nkumaimbidwa ya chala cha kuphazi. Nchifukwa chake ku Qatar FIFA inaika kachipangizo mkati mwa mpira kotumiza uthenga ka 500 pa sekondi kuti nthawi yomenyera idziwike bwino, kamera yokha sinkakwanira.

Chomaliza chomwe chimandipweteka ndi WhatsApp. Mwajambula bwinobwino, mwatumiza pa gulu ngati vidiyo wamba, iyo nkuifinya, mpira wa mapikiseli 7 uja nkusanduka kadontho kosungunuka. Tumizani ngati Document, bandulo idya koma fayilo ifika momwe ilili.

Ndiye anyamata inu, ngati foni ili imodzi ikani 1080p pa 60, shata yothamanga, muime pafupi. Ngati zilipo ziwiri, ina ikhale patali pa 4K yoonera momwe timu yaimira, poti pamenepo palibe amene akufuna masentimita, inayo ikhale pa mzere wa golo pa 240, muziyatsa pa penate, pa kona ndi pa firikiki dzuwa likadalipo. Ya 960 yanga ija ndinampatsa mphwanga, akujambulira nkhunda zake zikamauluka.