SST, Dischord ndi Sub Pop: njira zitatu zotulutsira chimbale popanda kampani yaikulu

Amene mumatolera zimbale za roko za ku America za m'ma 1980 mwaona kale kuti kuseri kwa zikuto kumabwerabwera mayina atatu: SST ya ku California, Dischord ya ku Washington DC ndi Sub Pop ya ku Seattle. Makampani atatuwa anayamba popanda ndalama za akuluakulu ngati Warner kapena CBS, ndipo onse ankadalira mawailesi a m'makoleji ndi timagazini ta fotokope totchedwa mafanzini. Koma kayendetsedwe kawo kanali kosiyana kwambiri, ndipo kusiyanako n'kumene kunkachititsa kuti oimba ena alandire ndalama zawo, ena n'kumangolandira malonjezo.

Fanzini ndi wailesi sizinkagwira ntchito imodzi. Fanzini inkalembedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri pa taipilaita, zithunzi n'kudula ndi sizasi, kumata, kukachita fotokope n'kumanga ndi sitepula. Inkayenda pang'onopang'ono, pa positi ndi pakhomo la malo oimbira, koma inali ndi chinthu chimene wailesi inalibe: adiresi ndi mtengo. Wowerenga Flipside ya ku Los Angeles, yomwe inayamba mu 1977, kapena Maximum Rocknroll ya ku San Francisco, yomwe inayamba kusindikizidwa mu 1982, ankapeza pomwepo kolembera kalata, n'kuika madola mu envulopu, chimbale n'kumupeza kwawo. Mabandi nawo ankapezamo mayina a anthu okonza zoimbaimba m'matauni amene sanafikeko. Wailesi ya pakoleji inkachita zimene pepala silingathe, chifukwa munthu ankamva nyimboyo ndi makutu ake. Vuto lake linali mphamvu. Masiteshoni ambiri anali aang'ono, ena a mawati 10 okha, osamveka kupitirira tauni imodzi. Chimene chinawasonkhanitsa ndi magazini ya CMJ, yomwe inayamba mu 1978 n'kumasindikiza mndandanda wa nyimbo zoseweredwa kwambiri m'makoleji, moti eni masitolo ankadziwa choitanitsa.

Zonsezi zinkadzutsa chilakolako mwa ogula. Koma kuti chimbale chipezeke m'sitolo pa tsiku limene munthu wachifuna, inali ntchito ya kampani yotulutsa, ndipo apa mpamene atatuwa akusiyanirana.

SST inayambitsidwa ndi Greg Ginn, woimba gitala wa Black Flag, mu 1978. Dzinalo analitenga ku kabizinesi kake kogulitsa zipangizo za wailesi komwe anayamba ali mnyamata. Khutu la SST linali lakuthwa kuposa la wina aliyense. Minutemen, Meat Puppets, Hüsker Dü, Sonic Youth ndi Dinosaur Jr. onse anadutsa pamenepo, ndipo sankasankha oimba a m'dera lawo lokha. Black Flag inkayendanso dziko lonse pa galimoto imodzi, n'kutsegula njira imene mabandi ena anatsatira. Ngati funso lili lakuti ndi kampani iti inatulutsa zimbale zabwino zambiri pakati pa 1981 ndi 1987, ine sindiona wopikisana ndi SST.

Koma taonani zimene zinachitikira chimbale cha Hüsker Dü chotchedwa Zen Arcade. Bandiyi, ya ku Minnesota, inachijambula mu Okutobala 1983 ku situdiyo ya Total Access ku Redondo Beach. Kujambula ndi kusakaniza mawu kunatenga maola pafupifupi 85, ndalama zake madola 3,200, ndipo nyimbo zambiri anangoziimba kamodzi basi. SST inachisunga mpaka Julaye 1984 kuti chitulukire limodzi ndi chimbale cha Minutemen, kenaka inadinda makope osapitirira 5,000 poopa kutsala ndi katundu. Mafanzini anachiyamikira, mawailesi a m'makoleji anachisewera, olemba m'manyuzipepala akuluakulu nawo anachiika pakati pa zimbale zabwino za chakacho. Makope aja anatha m'masabata ochepa, ndipo kwa miyezi ingapo chimbalecho sichinkapezeka. Bandi ili pa ulendo, anthu akufunsa m'masitolo, katundu palibe.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sanangodinda ena msanga, popeza oyambawo anagulidwa. Yankho lili m'kayendedwe ka ndalama. Fakitale yodinda zimbale inkafuna kulipidwa nthawi yomweyo, makamaka ndi kampani yaing'ono. Makampani ogawa zimbale m'masitolo ankatenga katundu pangongole, n'kulipira patapita miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina kuposa apo, ndipo anali ndi ufulu wobweza zosagulidwa. Zili ngati mayi wa mandasi amene wapereka dengu lonse kwa wogulitsa pangongole: mandasi atha, anthu akufuna ena, koma iye alibe yogulira ufa. Choncho chimbale chikayenda bwino, kampani yaing'ono imavutika kwambiri kuposa chikayenda pang'onopang'ono. Ndipo njira imene ambiri ankakokera ndalama kwa ogawa inali kutulutsa chimbale china chatsopano, chifukwa wogawa amalipira ngongole yakale akafuna katundu watsopano. Ndalama za bandi ino zinkalipira kudinda kwa bandi inayo. Hüsker Dü inavomera kudikira malipiro ake kuti SST ipume, koma pofika 1986 inali itapita ku Warner, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti zimbale zake zizipezeka m'masitolo.

SST sinachepetse liwiro. Mu 1987 mokha inatulutsa zimbale zoposa 80, zambiri zake zosagulidwa, ndipo Sonic Youth inachoka ikudandaula poyera za kuwerengera ndalama. Kwa wotolera zimbale, chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuchiona: manambala a zimbale za SST amathamanga kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene mayina odziwika akucheperachepera.

Dischord inatenga njira ina. Ian MacKaye ndi Jeff Nelson anayamba mu 1980 ndi madola 600 amene bandi yawo, Teen Idles, inasunga isanathe. Anadinda makope 1,000 a kachimbale kakang'ono, ndipo zikuto anazidula, kuzipinda ndi kuzimata okha ndi manja, chimodzi chimodzi. Anadziikira malire amene SST inalibe: ankatulutsa mabandi a ku Washington DC ndi madera ozungulira basi. Panalibe kusainirana mapepala, phindu linkagawidwa pakati n'pakati, ndipo mtengo wogulira pa positi unkalembedwa pachikuto penipeni kuti wa sitolo achite manyazi akafuna kukweza. Kugulitsa pa positi kumeneku kunali kofunika kuposa mmene kumaonekera, chifukwa ndalama ya mu envulopu imafika katundu asanatuluke, pamene ya wogawa imafika miyezi itapita. Apa fanzini inkagwira ntchito yaikulu kuposa wailesi, popeza kachilengezo kakang'ono m'fanzini kankabweretsa makalata mwachindunji.

Anthu amakonda kufotokoza nkhani ya Dischord ngati kuti chilungamo chokha n'chimene chinaipulumutsa. Ayi ndithu. Nayonso inagwa m'dzenje lomwelo pamene zimbale za Minor Threat zinayamba kuyenda, ndalama zodindira zina n'kusowa. Amene anaitulutsamo ndi John Loder wa Southern Studios ku London, yemwe anayamba kudinda ndi kugawa zimbale zawo, n'kusenza mtolo wa ngongole za kufakitale. Kenaka kunabwera Fugazi mu 1987, bandi ya MacKaye mwini wake, imene inkagulitsa makope mazana a masauzande, kulipiritsa madola 5 pakhomo ndi kulola anthu a misinkhu yonse kulowa. Bandi yaikulu kwambiri pa Dischord sikanathawira ku kampani yaikulu chifukwa mwini kampani anali m'bandi momwemo. SST inalibe mwayi umenewo kuyambira pamene Black Flag inatha mu 1986. Kuipa kwa njira ya Dischord n'kwakuti ngati simunali a ku Washington, chitseko chinali chotseka, ndipo mabandi awiri ake, Jawbox ndi Shudder to Think, anachokabe kupita ku makampani akuluakulu m'ma 1990.

Sub Pop ndi imene inabadwa m'fanzini ndi m'wailesi momwe. Bruce Pavitt anali wophunzira pa Evergreen State College ku Olympia, komwe wailesi ya KAOS inali ndi lamulo loti magawo 80 pa 100 a nyimbo zoseweredwa azichokera ku makampani odziimira. Anali ndi pulogalamu pa wailesiyo, ndipo mu 1980 anayamba fanzini ya Subterranean Pop, yomwe makope ake ena ankatuluka ngati makaseti. Atagwirizana ndi Jonathan Poneman ku Seattle, anali akudziwa kale mmene mbiri imapangidwira. Zimbale zambiri zinkajambulidwa ndi Jack Endino, zithunzi n'kujambulidwa ndi Charles Peterson, moti tauni yonse inkamveka ndi kuoneka ngati chinthu chimodzi. Mu 1989 analipirira ndege mtolankhani Everett True wa nyuzipepala ya zoimbaimba ya Melody Maker kuchokera ku London kuti adzalembe za Seattle.

Pa vuto la ngongole lija, Sub Pop inapeza nzeru imene ndimaiona kuti inali yochenjera kuposa zonse. Mu Novembala 1988 inayambitsa Sub Pop Singles Club, momwe munthu ankalipiriratu miyezi ingapo n'kumalandira kachimbale kamodzi mwezi uliwonse pa positi. Koyamba kanali ka Nirvana, makope 1,000 olembedwa manambala ndi manja. Ogula ndiwo ankakongoza kampani, osati kampani kukongoza ogawa. Ngakhale zinali choncho, Sub Pop inkawononga zambiri kuposa zolowa, ndipo pofika 1991 inali pafupi kutseka. Inapulumuka chifukwa inali ndi chimene Dischord inkachikana: pepala losainirana. Nirvana, imene chimbale chake choyamba chinajambulidwa ndi madola 606.17 okha, inali ndi mgwirizano wolembedwa, ndiye kampani yaikulu ya Geffen potenga bandiyo inayenera kulipira Sub Pop ndi kuipatsa kachigawo pa malonda a chimbale chotsatira. Mu 1995 Warner inagula magawo 49 pa 100 a Sub Pop.

Ndikanakhala woimba wa nthawi imeneyo wofuna kumvedwa msanga, ndikanasankha SST isanafike 1986 kapena Sub Pop, ndikudziwa kuti ndalama zichedwa. Ndikanafuna kulandira zanga zonse, ndikanapita ku Dischord, kapena, posakhala wa ku Washington, ku Touch and Go, imenenso inayamba ngati fanzini ku Michigan mu 1979 ndipo pansi pa Corey Rusk inkagawa phindu pakati n'pakati pongogwirana chanza. Kugwirana chanzako kunali ndi polekezera pake. Butthole Surfers atapita ku kampani yaikulu anasumira Touch and Go kuti iwabwezere zimbale zawo zakale, ndipo mu 1999 khoti la apilo linagamula kuti mgwirizano wapakamwa wopanda tsiku lothera mbali iliyonse ingathe kuuthetsa. Zimbalezo zinachoka m'manja mwa Rusk.