Miyezi isanu ndi itatu ndikusewera Minecraft podalira mawu olembedwa pa sikirini

Khutu langa lamanzere silimva konse ndipo lamanja limamva pang'ono, choncho sindidziwa kumene phokoso likuchokera. Nditayamba kusewera Minecraft ya Java, ndinayatsa Show Subtitles, imene ilipo kuyambira mu 1.9 ya chaka cha 2016, ndipo sindinaizimitsepo.

Phokoso lililonse lapafupi limalembedwa kumunsi kwa sikirini, mbali ya kumanja. Mawuwo amayamba ali oyera, kenako amazilala n'kutha pakadutsa pafupifupi masekondi atatu. Poyamba ndinkaganiza kuti kuzilalako kukusonyeza kuti chinthucho chili kutali, koma kwenikweni kumasonyeza nthawi imene yapita chimvekereni phokosolo.

Chimene chinanditengera nthawi yaitali ndi timivi tiwiri, < ndi >, timene timaoneka pambali pa mawuwo. Timangoloza kumanzere kapena kumanja. Chinthu chimene chili kumbuyo kwanu chimaonekanso ndi kamuvi koloza kumbali, ndipo kamuviko kamasowa pokhapokha mukayang'ana kumene phokoso lachokera. Nditazindikira zimenezi, kaseweredwe kanga kanasintha. Tsiku lina ndikukumba pansi ndinaona Lava pops ndi kamuvi ka kumanja. Ndinatembenuka pang'onopang'ono mpaka kuzungulira, koma kamuvi sikanachoke. Nditaweramitsa maso pansi, kanasowa. Chiphalaphala cha moto chinali kunsi kwa mapazi anga, ndipo ndikanapitiriza kukumba molunjika pansi ndikanagweramo pamodzi ndi katundu wanga yense. Chiyambire tsikulo, ndikakhala m'phanga ndimazungulira kaye, kenako ndimayang'ana m'mwamba ndi pansi ndisanaswe buloko ina.

Pali pamene mawu olembedwawa amafika malire. Creeper, chilombo cha m'masewerawa, imayenda mwakachetechete, ndipo ikayamba kulira imaphulika pakangotha sekondi imodzi ndi theka. Kuti maso achoke pakati pa sikirini, awerenge Creeper hisses pakona, kenako dzanja lichitepo kanthu, nthawi imakhala itatsala pang'ono kutha. Vuto limakula pamalo aphokoso, monga pafupi ndi khola la ziweto, chifukwa mizere ya nkhuku, ng'ombe ndi mapazi anga imaunjikana, ndipo mzere wochenjeza umafanana mtundu ndi ina yonseyo. Ndinasamutsa khola kuliika kutali ndi khomo la nyumba, mabuloko oposa 16, popeza phokoso la ziweto silidutsa mtunda umenewo, ndipo pakona paja panayera moti chenjezo ndimaliona msanga.

Amene amakonda kumanga ndi kukumba modekha adzapeza kuti mawuwa ndi okwanira, ndipo ine sindiopanso kulowa m'phanga ndekha. Koma pa nkhondo yothamanga sindiwadalira. Ndimayala miuni yambiri kuzungulira malo anga ndipo ndimatembenuka kawirikawiri, chifukwa kumeneko maso ayenera kuona mdani asanalembedwe pakona.