Njerwa zawo ndi zopsa bwino, koma pitani ndi tepi

Ndikulemba izi chifukwa cha mnyamata wa pakauntala pa yadi ina yogulitsa njerwa kumwera kwa Joni, amene anandiuza pamaso pa anthu kuti mmisiri wanga sadziwa kuwerengera. Mmisiriyo ndi bambo wamkulu wa ku Mangochi, wamanga mipanda yambiri ku Turffontein ndi Rosettenville kuno.

Ntchito yake inali mpanda wa kumbuyo kwa nyumba, mamita 12 m'litali, kutalika mita 1.8 kuchokera pa maziko amene analipo kale, khoma la dabulo. Njerwa yootcha ya saizi yodziwika muno m'South Africa imakhala mamilimita 222 m'litali, 106 m'lifupi, 73 kuchindikala. Mukawonjezera matope a mamilimita 10, njerwa iliyonse imadya malo a 232 m'litali ndi 83 kukwera. N'chifukwa chake amisiri amati pa sikweya mita imodzi pamalowa njerwa 52 ngati khoma ndi la njerwa imodzi, 104 ngati ndi la dabulo. Bambo aja anawerengera pakatoni ine ndikuona: njerwa 52 pa mzere umodzi, mizere 22 kuti tifike pamwamba, kuchulukitsa kawiri poti ndi dabulo. Zinakwana 2,288. Anati tigule 2,500 kuti zosweka ndi zodula m'makona zisativutitse. Ndinalipira pa mtengo wawo wotsika wa pa njerwa 1,000 zilizonse, kuphatikizapo ya lole.

Vuto linaonekera pa mzere woyamba penipeni. M'malo mwa 52, munalowa njerwa 55. Mmisiri anaima, natenga njerwa khumi m'malo osiyanasiyana a mulu, n'kuziyeza. Zambiri zinali 210 m'litali, 65 kuchindikala. Pamaso simungaone kusiyana kwake, mamilimita 12 m'litali ndi 8 kuchindikala ndi kanthu kochepa, koma pa khoma lonse kamachulukana. Mzere uliwonse unkakwera 75 m'malo mwa 83, ndiye kuti tifike pa mita 1.8 panafunika mizere 24. Werengani nokha: 55 kuchulukitsa ndi 24, kenako kawiri, ndi 2,640. Njerwa zanga 2,500 zinali zitaperewera kale tisanachotsepo zosweka. Simenti ndi mchenga nazonso zinadyeka mopitirira, popeza mizere ikachuluka matopenso amachuluka.

Nditabwerera ku yadi kuja ndi njerwa ziwiri m'chikwama, mnyamata uja sanafune ngakhale kuzigwira. Akuti njerwa ndi njerwa, mwagula 2,500 ndipo 2,500 mwalandira. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuze saizi pogula paja, iye n'kuyankha kuti mmisiri wanu akanangoika matope ochindikala, ndiye ntchito yake imeneyo. Apa ndi pamene mtima unandiwawa. Kuti njerwa ya 65 ikwere ngati ya 73, matope ake ayenera kukhala mamilimita 18. Khoma lotero limaoneka loipa, silikhala lolimba ngati la matope oyenera, komanso simenti yowonjezerayo akanagula ndani? Kumudzi timadziwa kuti kukula kwa njerwa kumatengera chikombole cha woumba, ndipo dothi limachepa likauma ndi kupsa mu uvuni, ndiye munthu umagula ukudziwa. Koma pamalo pamene amakulembera risiti, saizi iyenera kunenedwa.

Komabe ndinene chilungamo, njerwazo pazokha si zoipa. Mukagundanitsa ziwiri zimalira ngwee, chizindikiro choti zinapsa mpaka m'kati. Zosapsa zimamveka phuu, ndipo mukazikanda ndi msomali zimayoyoka. Mmisiri anaviika imodzi mu ndowa usiku wonse, m'mawa inatuluka yosafumbutuka. Zosweka pa lole zinali zochepa kwambiri, dalaivala anatsitsa mwaulemu osati kungokhuthula. Ndipo mwini yadi atamva phokoso anatuluka, anayeza yekha ndi tepi, navomera kuti katundu ameneyo anachokera ku uvuni wina. Njerwa 300 zowonjezera ndinalipira ndekha, koma lole anandipatsa ulere. Za mnyamata uja sanapepese, ndipo iye akadali pakauntala pomwepo.

Mpanda unatha, tinaupaka pulasitala, waima bwino. Kwa khoma lopaka pulasitala ngati langali ndingagulenso kumeneko, bola ndiyeze kaye njerwa za mulu umene akukweza tsiku limenelo, mmisiri awerengere pa saizi imeneyo. Koma ngati mukuwonjezera chipinda pa nyumba yomangidwa ndi njerwa za 222, musayerekeze kugula zimenezi, mizere yatsopano sidzakumana ndi yakale polumikiza. Yadiyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo ziwiri zochotsedwazo ndi za pakauntala.