Zithunzi zinayi za mlongo wanga, ndipo chinadutsa n'chosakongola chija

Chibwezeredwe mlongo wanga ku Lilongwe chifukwa cha chithunzi, anthu kuno ku Mulanje asandutsa ine katswiri. Aliyense wofuna viza akumabwera ndi timaenvulopu: "Achimwene, tandionereni, chabwino n'chiti apa?" Ndiye ndangoti ndilembe kamodzi.

Mlongo wangayo amapita ku Germany kukaphunzira za ntchito kwa milungu itatu, ndiye pankafunika viza ya Schengen. Chithunzi chake chimakhala mamilimita 35 m'lifupi ndi 45 m'litali. Zimenezo wojambula aliyense amazidziwa, sinditayapo nthawi. Chimene ambiri sayeza n'kukula kwa mutu mkati mwa chithunzimo: kuchokera pachibwano kufika paliwombo pakhale mamilimita 32 mpaka 36. Mukuyeza mutu weniweniwo, osati mpaka pamene meshi yathera. Atabwerako ku Lilongwe kuja, tinayala zithunzi zinayi patebulo, rula ya mwana wasukulu ili pambali.

Choyamba chinali cha pasitudiyo ina apa pafupi, chimene chinatigwetsa m'mavuto. Kunena zoona n'chokongola, mwakuti amayi anatengako chimodzi n'kuchiika m'Baibulo. Pa mtengo wa zithunzi mnyamata wojambulayo anawonjezapo ndalama ina, akuti ya "kukonza nkhope", ndipo anainena zithunzi atazidula kale. Ndinalipira ndine, n'chifukwa chake zimandiwawabe.

Kukonzako kunali kotere. Mlongo wanga ali ndi kachipsera pamwamba pa nsidze yakumanzere, anagwa pamwala ku Likhubula tili ana. Pachithunzi kachipserako kunalibe. Khungu analisalaza n'kuliyeretsa, munthu wakuda bwinobwino n'kuoneka ngati wadzola mafuta oyeretsa aja. Ndiye poti nsalu yakumbuyo pasitudiyopo inali yabuluu, anamudula pakompyuta n'kumumata poyera. Mukachiyang'anitsitsa padzuwa mumaona m'mphepete mwa tsitsi muli mzere wakuthwa ngati wadulidwa ndi sizasi, nsonga ya khutu yadyedwa, ndipo pakati pa khosi ndi tsitsi patsala kabuluu. Umu ndi mmene mungadziwire chithunzi chomata: tsitsi la munthu silithera pamzere wosalala choncho.

Wa pawindo la maviza ku Lilongwe anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana munthu, n'kufunsa kuti, "Mayi, chipsera ichi mwachipeza liti?" Nkhani inathera pomwepo. Chithunzi cha viza ntchito yake n'kuchiyerekeza ndi nkhope ya amene waima patsogolo pawo, ndiye chilichonse chimene chafufutidwa kapena kusinthidwa chimachotsa chomwe iwo akufunacho. Titayeza ndi rula tinapezanso kuti mutu unali mamilimita 27 okha, chifukwa wojambulayo anafuna kuti bulauzi ioneke mpaka pachifuwa. Kutanthauza kuti ngakhale akanasiya chipseracho, chikanabwezedwabe. Pamene mlongo wanga amathamanga kukasaka pojambulitsa pena, nthawi yake inali itadutsa, anamupatsa tsiku lina. Thiransipoti yochoka ku Mulanje kudzera ku Limbe mpaka ku Lilongwe, kupita ndi kubwera, kuphatikiza pogona, zonse zinalowa m'madzi.

Nditapitako kukadandaula, mnyamatayo anandiyankha kuti, "Koma bwana, makasitomala onse amafuna choncho." Mwina sananame. Komabe ine pakhomo paja sindidzapondaponso.

Chachiwiri chinali selefi, imene mwini wake ankaikonda. Selefi vuto lake ndi mkono: ndi waufupi. Kamera ikakhala pafupi choncho mphuno imakula, makutu amabisala kumbuyo kwa masaya, ndipo phewa limodzi limakwera. Mafoni ambiri amasalazanso khungu okha pa kamera yakutsogolo musanawauze, ena amatembenuza chithunzi ngati galasi, moti kachipsera kaja kanasamukira kumanja. Pamwamba pa izo ankamwetulira mano ali panja, pomwe pamafunika pakamwa potseka. Tinachiika pambali osakambirana.

Chachitatu ndiye chinandivuta kuchisiya. Chinali chotsala pa zimene anajambulitsa ku Blantyre zaka zitatu zapitazo, ndipo pa muyeso chinalibe banga: mutu mamilimita 34, kumbuyo koyera, maso olunjika. Koma chithunzi chisapitirire miyezi 6 chijambulidwire. Mlongo wanga anati, "Achimwene, adziwa bwanji? Palembedwa deti?" Deti palibe, koma nthawi imeneyo anali wometa ndiponso wochepa thupi, ndipo chinzake cha chithunzi chomwecho chinali pa kakhadi ka kuntchito kamene fotokope yake inali m'mapepala omwewo, chaka chili poonekera. Titabwezedwa kale kamodzi, sindikanayesa mwayi.

Chachinayi ndinajambula ndekha pakhonde, m'mawa wina kuli chiperoni. Mitambo ija imene timaidandaula ndi yabwino pa ntchito iyi, chifukwa kuwala kumabwera kofewa, kopanda mithunzi pansi pa maso ndi pamphuno. Ndinamuimika atayang'ana kunja, khoma lopaka laimu lili kumbuyo, koma osatsamira: anatalikirana nalo pafupifupi theka la mita kuti mthunzi wake usagwere pakhomapo. Ine ndinaima mita imodzi ndi theka, foni ili pa msinkhu wa maso ake, kamera yakumbuyo, fulashi yozimitsa. Anavala bulauzi yakuda kuti mapewa asasowe m'khoma loyeralo, magalasi anavula, tsitsi anamangira kumbuyo.

Apa pali chinthu chimene chimatipweteka ife a khungu lakuda. Kamera ikaona khoma loyera imachepetsa kuwala, nkhope n'kusanduka chimthunzi chokhala ndi maso okha. Mankhwala ake si kuyeretsa pakompyuta ayi. Dinani pankhope pa sikirini musanajambule kuti foni iyeze kuwala pa munthuyo, kenako kuzani chithunzicho muone ngati nsidze, m'mphepete mwa mphuno ndi milomo zikusiyanitsika. Ife tinajambula kasanu ndi kamodzi tisanapeze chimene mutu sunapendekeke.

Kokatsukitsa ndinapita nayo foni yeniyeniyo n'kusamutsa ndi kebulo, chifukwa WhatsApp imafinya chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse, ndipo chikatsukidwa chimatuluka chambuu. Ndinaima pambali pa wotsukayo, rula ili m'manja, n'kumuuza kuti angodula, asakhudze china. Poyamba mutu unatuluka mamilimita 30, tinabwereza, unatuluka 33. Pepala linali la zithunzi lenileni, osati la fotokope.

Mlongo wanga atachiona anati akuoneka ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba. N'zoona, sichosangalatsa: kachipsera kali pomwepo, nkhope ili duu. Wa pawindo anachiyang'ana kamodzi n'kuchimata pa fomu.

Musatengere miyeso imeneyi kulikonse. Mnzanga wina wa ku Luchenza anafuna kugwiritsa ntchito chithunzi chotere pa viza ya ku America, pomwe kumeneko amafuna cha mbali zofanana, mamilimita 51 uku ndi uku, mutu 25 mpaka 35, ndipo magalasi anawaletsa kuyambira mu 2016. Kudula cha 35 ndi 45 kuti chikhale chotero sikutheka, m'mbali mumaperewera. N'chifukwa chake ndimati pojambula siyani malo ambiri kuzungulira mutu ndipo sungani chithunzi chosadulacho mufoni. Amayi ovala hijabu kapena duku ya mpingo amaloledwa, bola nkhope ioneke yonse kuchokera pachibwano mpaka pamphumi, nsaluyo isaponye mthunzi pamaso.

Cha pasitudiyo chija chidakali m'Baibulo la amayi. Amati ndi mmene mwana wawo amaonekera akakhuta.