Seva ikamadya memore: tiyambire pa girafu kapena pa sinapushoti?

Tiyerekeze pulogalamu ya Node.js yolembetsera ophunzira kuno ku Zomba, pa seva ya 2 GB. Lolemba memore yake ili pa 200 MB, pofika Lachisanu yakwera pa 900 MB. Ena amathamangira girafu ya Grafana, ena sinapushoti ya hipu, gawo la memore limene pulogalamu imasungamo zinthu zake za JavaScript. Ine ndimayamba ndi girafu, ngakhale yokha singagwire wakuba.

Girafu silemetsa seva, imangojambula usana ndi usiku. Mzere wa `heapUsed` umakwera n'kutsika ngati mano a sowo, chifukwa GC, yomasula memore yosafunikanso, imatola zinyalala nthawi ndi nthawi. Musayang'ane nsonga zake, yang'anani pamene mzere ukutera ukatsika. Ngati poterapo pakukwera tsiku ndi tsiku, ngakhale usiku anthu atagona, pali zinthu zimene sizikumasulidwa. Koma kwathu kuno chenjerani. Seva ya mu ofesi ikazima ndi magetsi, memore imayambiranso pansi, girafu n'kumaoneka yabwinobwino. Ikani `process_start_time_seconds` pambali pake kuti muzidziwa pamene pulogalamu inadzukanso.

Girafu imakuuzaninso ngati sinapushoti ingathandize n'komwe. `rss`, memore yonse imene pulogalamu yatenga mu RAM, ikamakwera pamene `heapUsed` yangoima, vuto lili kunja kwa hipu, mwina mu `Buffer` kapena mu laibulale ya C++. Zikatero onani kaye `external` ndi `arrayBuffers`.

Sinapushoti ndiyo imatchula wolakwa, koma ili ndi mtengo. Poijambula pulogalamu imaima chiriri, osayankha aliyense, ndipo imafuna memore pafupifupi kuwirikiza kawiri kukula kwa hipu. Mukadikira mpaka Lachisanu, 900 MB pa seva ya 2 GB, mutha kuigwetsa nokha ophunzira ali pakati polembetsa. Jambulani hipu ikadali yaing'ono. Lamulo loyamba m'munsimu limayambitsa pulogalamu, lachiwiri ndilo limajambula.

```
node --heapsnapshot-signal=SIGUSR2 app.js
kill -USR2 <pid>
```

Imodzi yokha siuza zambiri. Tengani yoyamba pulogalamu itagwirako kale ntchito, yachiwiri girafu itakwera ndithu. Tsegulani zonse mu Chrome DevTools pa `Memory`, musankhe `Comparison`, muone mtundu umene `# Delta` yake yachuluka. Mayina ngati `(string)` ndi `Object` amabwera pamwamba kawirikawiri, asakusokonezeni. Dinani chinthu chimodzi, mutsate `Retainers` kufikira mutakumana ndi dzina limene munalemba nokha. M'chitsanzo chathu ndi `Map` yotchedwa `sessions`. Aliyense wolowa amaikidwamo, koma amachotsedwa pokhapokha akadina `Logout`, ndipo wolowera pa foni bando ikamuthera sadina chilichonse. Mankhwala ake ndi kuika nthawi yothera ndi malire a kukula kwa `Map`.

Mukakonza, sinapushoti singakutsimikizireni msanga kuti zatha. Bwererani ku girafu, muisiye idutse masiku amene kale inkatenga kuti ifike 900 MB, kuphatikizapo tsiku la chipwirikiti cha kulembetsa, muone ngati poterapo pakhazikika.