Google Lens, TinEye ndi Yandex: nchiti chingakuuzeni kumene chithunzi chinachokera?

Nyengo ya mvula ikafika, m'magulu a WhatsApp kuno ku Chipata mumayenda zithunzi za milatho yokokoloka, ndipo munthu amene ali ndi ulendo mawa lake amafuna kudziwa ngati akwere basi kapena akhale. Tiyerekeze kuti mu Januwale mwalandira chithunzi cha msewu wodukizidwa ndi madzi, pamwamba pake atalembapo kuti ndi msewu wa ku Lundazi lero m'mawa. Zida zitatuzi zimafufuza pogwiritsa ntchito chithunzicho m'malo mwa mawu, koma chilichonse chimayankha funso lake.

Musanayambe, dulani chithunzicho kuti muchotse mawu olembedwapo ndi m'mbali mwakuda, chifukwa zimenezi zimasokoneza zida zonse zitatu.

Google Lens ndiyo yapafupi, popeza imapezeka kale m'mafoni ambiri a Android. Mukaipatsa chithunzi, imayamba kuonetsa zithunzi zofananako, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera. Mlatho wokokoloka umafanana ndi unzake kulikonse, choncho mudzaona milatho ya kumayiko osiyanasiyana imene ilibe chochita ndi chithunzi chanu. Chofunika ndi kutsegula gawo la Exact matches, limene limasonyeza masamba okhala ndi chithunzi chomwecho. Mphamvu ya Google ndi kuchuluka kwa masamba amene imawadziwa, makamaka a nyuzi, koma siyikuikirani zotsatira mu ndondomeko ya masiku, kotero kuti muyenera kutsegula tsamba lililonse ndi kuwerenga tsiku lake nokha.

TinEye, imene inayamba mu 2008 ku Toronto m'dziko la Canada, siyilabadira zimene zili m'chithunzi. Imafuna makope a chithunzi chomwecho basi, ngakhale atadulidwa, kuchepetsedwa kapena kusinthidwa mtundu. Nthawi zambiri imapeza masamba ochepa kuposa Google, ndipo pa zithunzi za kuno kwathu kawirikawiri imabwerera chimanjamanja. Koma ikapeza, ili ndi chinthu chimene ndimachiona kuti nchamtengo wapatali kuposa zina zonse pa funso la gwero: mukhoza kusankha Oldest kuti kope lakale kwambiri likhale pamwamba. Pa chitsanzo chathuchi, ngati kope loyamba lili la Marichi 2023 pa tsamba lokamba za namondwe wa Freddy, amene anawononga kwambiri kumwera kwa Malawi mwezi umenewo, nkhani ya msewu wa ku Lundazi yagwa pomwepo, chifukwa chithunzi chojambulidwa lero sichingapezeke pa tsamba la chaka cham'mbuyo.

Tsikulo liyenera kumveka bwino, pakuti ndi tsiku limene TinEye inachiona chithunzicho koyamba, osati limene chinajambulidwa kapena kuikidwa pa intaneti. Limangotsimikiza kuti chithunzicho chinalipo kale pofika nthawi imeneyo, ndipo nkutheka kuti nchakale kuposa pamenepo. Namondwe wa Idai anawononganso misewu ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi mu Marichi 2019, ndipo munthu akhoza kutenga chithunzi cha nthawi imeneyo nkuchiika pa nkhani ya Freddy. Pofuna kuyandikira gwero lenileni, sankhaninso Biggest image, chifukwa chithunzi chikamapatsiridwa chimanka chichepa ndi kuzimirira, pamene kope lalikulu ndi losadulidwa limakhala pafupi ndi mwini wake, ndipo nthawi zina dzina la wojambula limaoneka m'munsi mwake.

Yandex, ya ku Russia, ndimaitsegula pomaliza. Imachita bwino pozindikira malo ndi nyumba zofanana ngakhale zitajambulidwa kuchokera mbali ina, choncho imathandiza pamene zinazo zalephera, ngakhale kuti zotsatira zake zambiri zimabwera m'Chirasha.

Chida chimodzi sichikwana. Ine ndimayamba ndi Lens kuti ndione kumene chithunzi chafika, kenako TinEye kuti ndidziwe zaka zake. Zonse zitatu zikakhala chete, yesani kutembenuza chithunzicho kuti kumanja kukhale kumanzere, chifukwa onyenga ena amachita zimenezi dala, ndipo mudzazindikira ngati zilembo za pa chikwangwani kapena pa nambala ya galimoto zikuwerengeka chobwerera. Zikakanikabe, musafulumire kunena kuti chithunzicho nchatsopano. Zida zimenezi siziona zimene zili m'kati mwa WhatsApp kapena m'magulu otsekedwa a Facebook, ndipo WhatsApp imachotsa tsiku ndi malo zimene kamera imasunga m'chithunzi chikatumizidwa mwa masiku onse. Zikatero, yang'anani nambala za magalimoto ndi zikwangwani ngati zili za m'Zambia, kenako muimbire foni woyendetsa basi amene wadutsa msewuwo tsiku lomwelo.