Ndemanga: apu yokonzera zithunzi ndiyabwino koma inandidula ndalama kanayi ndisanadziwe

Ndaipatsa nyenyezi 2 basi. Pa ntchito yake sindinganame, imachotsa bwino zakumbuyo kwa chithunzi, ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato ndiye zithunzi zimatuluka zoyera ngati za mushopu yaikulu. Chandiwawa ndi sikirini yolipirira ija, ndipo ndikufuna muimvetse musanadine chilichonse.

Mukangotsegula apu pamabwera batani lalikulu lolembedwa "Start free trial", ine ndinangoona mawu akuti ulere aja ndikudina. Koma pansi pake penipeni pali timalemba ting'onoting'ono totuwa, "3 days free, then $4.99/week", kenako "Auto-renews". Abale, mawu omalizawa akutanthauza kuti masiku atatu aulere akatha azikudulani okha sabata iliyonse osakufunsaninso, mpaka inuyo mutaletsa. Ndiponso ndi pa sabata osati pa mwezi, apa ndi pomwe ndinagwera ine. Pambuyo pake Google Play inatulutsa kasikirini kake kosonyeza khadi yanga ya Visa, tsiku loyamba kudula ndi mtengo, zonse zinalipo ndithu koma ndinadina "Subscribe" mothamanga poti kasitomala amadikira chithunzi.

Tsiku lachiwiri ndinaichotsa apu mufoni ndikumati nkhani yatha. Ayi ndithu. Kuchotsa apu sikuletsa malipiro chifukwa mgwirizano uja sukhala mufoni, umakhala pa akaunti yanu ya Google. Mameseji aku banki amabwera koma pakati pa mameseji ambirimbiri a mabando sindinawalabadire, ndinadzazindikira nditapita kukatapa ndalama ya oda ndikupeza yaperewera. Anadula kanayi, kuphatikiza pamodzi madola 19.96, ndipo poti banki imasintha kukhala makwacha pa mtengo wa tsikulo ndalama yodulidwa siimafanana ndendende sabata ndi sabata, nchifukwa chake sinaoneke ngati chinthu chimodzi chobwerezabwereza.

Kuletsa kwake sikovuta mukadziwa pokhudza. Tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu kumwamba kudzanja lamanja, kenako "Payments & subscriptions", kenako "Subscriptions". Mukaona dzina la apu lija lidineni, pansi pali "Cancel subscription". Akufunsani chifukwa chake, sankhani chilichonse mupitirize mpaka mutatsimikiza, musaimire panjira. Maapu ena amakunyengererani ndi "Pause", imeneyo ndi kupumira chabe, nthawi yopumayo ikatha kudula kumayambiranso. Ine nditamaliza ndinabwereranso pa mndandanda uja kukaona ngati zasintha, pomwe pamalembedwa tsiku la malipiro otsatira panali polembedwa kuti ndaletsa ndi tsiku lomwe ntchito ithere, ndipo imelo yotsimikiza inafika. Musaope kuti mukaletsa lero mutaya masiku omwe mwalipira kale, mumagwiritsabe ntchito mpaka tsiku lomaliza.

Poyamba nditalowa ndinapeza mndandanda uli mbee, mtima unangoti phaa. Kani foni yanga ili ndi maakaunti awiri a Google, ina anandipangira achimwene kalekale, ndipo malipiro anali ku imeneyo. Ndiye mukapeza mulibe kanthu sinthani akaunti pa kachithunzi kaja. Njira ina fufuzani mu imelo lisiti ya Google Play, nambala yake imayamba ndi GPA, imelo yomwe yalandira lisitiyo ndiye akaunti yake. Ngati kulibe lisiti konse ndiye kuti mwina munalipira pa webusaiti ya eni apu, zikatero muyenera kukaletsa komweko.

Mnzanga wina anandiuza kuti ingosiya khadi yopanda ndalama zitha zokha. Musadalire zimenezo, kudula kukakanika amayesanso kwa masiku angapo, tsiku lomwe kasitomala wakutumizirani ndalama akhoza kuipeza.

Za kubweza ndalama, Google Play imalola kupempha ngati sipanathe maola 48 chidulireni, ndinapempha ya sabata yomaliza ndipo inabwera patapita masiku. Zitatu zoyambazo ndinalembera eni apu kawiri, mpaka lero zii. Apa ndi pomwe nyenyezi zitatu zathera, pamodzi ndi timalemba tobisika tija, chifukwa batani laulere analikulitsa dala pomwe mtengo anauchepetsa moti munthu wamaso ofooka ngati mayi anga sangauwerenge. Ngati mukufunabe kuiyesa, dinani zaulerezo kenako nthawi yomweyo pitani mukaletse musanayambe nkomwe kukonza chithunzi, ndipo muonetsetse tsiku lothera lomwe lalembedwa pamenepo.